Kodi mumadziwa? Timawu tinayi tomwe timasintha nkhani ya mu imelo yanu

Kodi mumadziwa kuti lamulo la *fewer* ndi *less*, lija aphunzitsi ankatichongera ndi inki yofiira, linayamba ngati maganizo a munthu mmodzi? Dzina lake linali Robert Baker, ndipo m'buku lake la malangizo a Chingerezi anangonena kuti kwa iye *fewer* amamveka bwino pokamba za zinthu zowerengeka. Chaka chake chinali 1770.

Nanga iye asanalankhule anthu ankatani? Ankaika *less* ngakhale pa zinthu zowerengeka, osaona vuto, moti Mfumu Alfred ya ku Wessex inalemba chotero pomasulira buku la Boethius kuchokera m'Chilatini cha m'ma 888. Kuchokera pa mfumuyo kufika pa Baker panadutsa zaka zoposa 880!

Musaganize kuti mkanganowu unathera m'mabuku akale. Mu 2008 sitolo za Tesco ku Britain zinalengeza kuti zisiya chikwangwani cha polipirira chija cholembedwa *10 items or less*, ndipo bungwe la Plain English Campaign litapereka maganizo ake, eni sitolowo anasankha *Up to 10 items*. Sanaime mbali ya *less* kapena ya *fewer*, anangolambalala nkhani yomwe inali itatha zaka 238.

Komabe mu ofesi lamuloli likugwira ntchito, ndipo ndi lalifupi. Chinthu chimene mungachiloze n'kuwerenga kuti chimodzi, ziwiri, zitatu chimayenda ndi *many* ndi *fewer*, pomwe choyezedwa pasikelo kapena m'malita chimayenda ndi *much* ndi *less*. Chodabwitsa n'chakuti pochepetsa pali mawu awiri, koma powonjezera *more* amagwira yekha ntchito ya onse awiri.

Kodi mwaona kuti lamuloli tili nalo kale pakamwa? N'zoona kuti timati antchito ochepa, mafuta ochepa, nthawi yochepa, tsinde lake limodzimodzi. Koma pofunsa timasiyanitsa: timati matumba angati, pomwe madzi sitifunsa kuti angati, timafunsa kuti ndi ochuluka bwanji, monga momwe Mngerezi amasiyanitsira *how many* ndi *how much*.

Pa ndalama pokha ndi pomwe lilime lathu limatipusitsa. Ife timafunsa kuti ndalama zingati, choncho chala chimathamangira kulemba *how many money*, pomwe Chingerezi chimafuna *how much money*. Kwa iwo zowerengeka ndi makobidi ndi mapepala a ndalama, koma *money* payekha amakhala m'gulu limodzi ndi mchere ndi petulo.

Mukakayika, yesani chonchi musanatumize. Ikani nambala patsogolo pa mawu a Chingereziwo n'kumvetsera: *three chairs* ikumveka, *three furnitures* ikukana, ndiye kuti mipando itenga *fewer* pomwe *furniture* atenga *less*. Kuyesa konseku sikutha ngakhale masekondi 5.

Tsopano tiyeni tilowe m'nyumba yosungiramo katundu, chifukwa kumeneko timawuti timasanduka ndalama. Tiyerekeze kuti mwaitanitsa matumba 200 a chimanga olemera makilogalamu 50 lililonse, lole yafika, anyamata atsitsa, inu mwawerenga n'kupeza 180. Mulembe kuti *We received 20 fewer bags than we ordered*, ndipo abwana adziwa pomwepo kuti zasowa ndi makilogalamu 1,000, tani yathunthu.

Chiganizo chimenecho chikuwauzanso koyambira kufufuza. Atenga chikalata chobweretsera katundu, afunsa amene anawerenga pokweza, aimbira dalaivala kuti afotokoze ngati anaima panjira. Mlandu wake ndi wa kuwerenga, ndipo umboni wake ndi nambala ziwiri zokha, 200 ndi 180.

Nanga matumba akafika onse 200, koma sikelo ikuonetsa makilogalamu 48 pa thumba lililonse? Apa *fewer bags* likhala bodza, chifukwa palibe thumba lomwe lasowa, ndipo zoona zake n'zakuti *We received less maize than we paid for*. Makilogalamu 2 pa thumba amaoneka ngati ochepa, koma pa matumba 200 ndi makilogalamu 400, ofanana ndi matumba 8 athunthu!

Kafukufuku wake ndi winanso. Mwina sikelo ya wogulitsa ndi yonama, mwina chimanga anachiika m'matumba chisanaume bwino ndipo chapepuka m'njira, mwina wina amabowola matumba n'kumatapa pang'onopang'ono. Kalaliki akalemba mothamanga kuti *less bags*, abwana amva kuti matumba asowa, n'kuyamba kupanikiza dalaivala yemwe wabweretsa 200 pa 200.

Ine pamenepa ndi pomwe ndimaikonda nkhaniyi. Anthu ambiri amaitenga ngati yodzionetsera kuti unapita kusukulu, pomwe mawu awiriwa akusiyanitsa katundu wosowa ndi katundu wopepuka. Wina akutumiza munthu kukawerenga, wina akutumiza munthu kukayeza.

Kodi mumadziwa kuti pa Chingerezi nyemba zimawerengeka koma mpunga ayi? Amati *fewer beans* ndi *fewer groundnuts*, koma *less rice*, *less maize* ndi *less sugar*, ngakhale kuti munthu wodekha akhoza kuwerenga njere za mpunga imodziimodzi. Mu imelo ya katundu musavutike nazo, werengani chotengera: *fewer bags of beans*, *fewer bags of rice*, ndipo nyemba ndi mpunga zafanana.

Mbewu ina inachita kusamuka gulu anthu akuona. Kale nsawawa pa Chingerezi zinkatchedwa *pease*, mawu osawerengeka ngati *rice*, koma anthu pomva kaphokoso ka kumapetoko anaganiza kuti ndi zambiri, n'kudzipangira *pea* imodzi. Izi zinachitika m'zaka za m'ma 1600.

Pepala nalonso lili ndi nkhope ziwiri. *Less paper* ndiye kuti mapepala osindikizira achepa m'kabati, pomwe *fewer papers* ndiye kuti zikalata, nyuzipepala kapena mapepala a mayeso ndi omwe achepa. Ngati mukuitanitsa, lembani *reams*, chifukwa rimu imawerengeka ndipo imodzi imakhala ndi mapepala 500.

Pali kagulu ka mawu a mu ofesi komwe sikalola nambala ngakhale pang'ono: *equipment*, *stationery*, *furniture*, *software*, *advice* ndi *information*. Onsewa amayenda ndi *much* ndi *less*, ndipo mukafuna kuwerenga mumabwereka mawu ena, monga *three pieces of equipment* kapena *fewer items of stationery*. Palibe chilengedwe chomwe chinalamula zimenezi, chifukwa Chifalansa, tsidya lina la nyanja basi, chimawerenga *informations* popanda vuto.

Nanga *stock* mwiniwakeyo? Akatanthauza katundu yense amene muli naye m'sitolo, sawerengeka: *How much stock is left?*, *We have less stock than last month*. Koma muziona amene mukumulembera, chifukwa munthu wa ku America akawerenga *fewer stocks* maganizo ake amathamangira kumsika wa masheya, osati kumashelefu a shuga.

Mnzake *goods* ndiye wachilendo kwambiri. Amakhala wochulukitsa nthawi zonse, choncho timalemba *fewer goods* ndi *many goods*, koma pa invoisi simungalembe *three goods*. Amatenga mawu a zowerengeka, nambala yeniyeniyo n'kuikana!

Tibwere kwa anthu. *Staff* alibe *s* kumapeto, komabe akutanthauza anthu, ndipo anthu amawerengeka: *How many staff do we need?*, *We have fewer staff this month*. Munthu mmodzi ndi *a member of staff*, ndipo mukalemba *five staffs* mwanena ndodo 5 kapena magulu 5 a antchito, osati anthu 5.

Kodi mumadziwa kuti pa mawu omwewa Angerezi ndi Aamerika amasiyana? Ku Britain n'chizolowezi kulemba *the staff are*, poona anthu ake mmodzimmodzi, pomwe ku America ambiri amalemba *the staff is*, poona gulu limodzi. Chingerezi chomwe timaphunzira m'sukulu za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe chimatsata kwambiri cha ku Britain, choncho *are* sadabwitsa aliyense ku Lilongwe monga momwe sadabwitsira ku London.

Nayi mbuna yaikulu kuposa zonse pa nkhani ya antchito. Tiyerekeze kuti munali ndi madalaivala 10 a ziphaso zonse zoyenera, atatu asiya ntchito, ndipo mukulembera a ku ofesi yolemba anthu ntchito. *We now have fewer qualified drivers* akunena zoona zake: luso lilipo, koma anthu atsala 7.

Ikani *less* pamalo omwewo muone. *We now have less qualified drivers* akhoza kumveka kuti madalaivala amene muli nawo ndi osadziwa bwino ntchito, chifukwa *less* wadumpha madalaivala n'kukakamatira *qualified*. M'malo mokutumizirani anthu 3, akhoza kukukonzerani maphunziro a anthu 7 omwe sanalakwe kanthu.

Ndipo *more* uja wogwira ntchito ya awiri amalipira pomwepa. *We need more qualified staff* ali ndi matanthauzo awiri, anthu owonjezera kapena anthu ophunzira kuposa omwe alipo, ndipo palibe njira yodziwira poyang'ana chiganizo chokha. Chithandizeni ndi *better-qualified staff* ngati mukufuna luso, kapena ndi *three additional qualified staff* ngati mukufuna anthu 3.

Ovataimu sawerengeka koma maola amawerengeka, ndiye *less overtime* ndi *fewer hours*. Taonani chifukwa chake muyenera kusankha bwino: sabata yatha anthu 4 anagwira maola 10 owonjezera aliyense, sabata ino anthu 2 agwira maola 20 aliyense. *Fewer staff worked overtime* ndi zoona, koma *less overtime* ndi bodza, chifukwa masabata onse awiri maola ndi 40.

Momwemonso *work* ndi *jobs*, *time* ndi *times*. *How much time did the repair take?* akufunsa kutalika kwa nthawi, pomwe *How many times was it repaired?* akufunsa kuti makinawo akonzedwa kangati. Funso loyamba yankho lake likhoza kukhala maola 2, lachiwiri maulendo 6.

Kodi chilembo chimodzi chingasinthe mtima wa imelo yonse? *We have a few drivers available* akulimbitsa mtima kuti alipo ndithu angapo, pomwe *We have few drivers available* akudandaula kuti ndi ochepa zedi. *A little stock* ndi *little stock* amasiyananso chimodzimodzi, ngakhale pabwalo paimirire madalaivala omwewo 3.

Pa bajeti mawu amagawika mochititsa chidwi. *Money*, *cash* ndi *funding* amatenga *much* ndi *less*, pomwe *payments*, *invoices* ndi *expenses* amatenga *many* ndi *fewer*. *Funding* ndi *funds* ndi ana a bere limodzi, koma woyambayo amati *is*, wachiwiriyo *are*.

Tiyerekezenso kuti dipatimenti yanu ili ndi bajeti ya K10 miliyoni yogawidwa m'mizere 12. Akauntanti waphatikiza mizere ina, monga mafuta ndi kukonza galimoto, n'kutsala 9, osachotsapo tambala. Ameneyo ndi *fewer budget lines*, ndipo mukalemba *less budget* anzanu aimitsa maulendo pachabe, ndalama zikadali K10 miliyoni.

Nanga akadula bajetiyo ndi 20 peresenti, mizere n'kukhala 12 yomweyo? Pamenepo lembani *less money* kapena *a smaller budget*, osati *fewer budgets*, chifukwa ameneyo akutanthauza kuti madipatimenti ena alibenso bajeti yawoyawo. Mizere sinasinthe, koma zapita ndi K2 miliyoni.

*Costs* nawo amafuna diso. *Fewer costs* akunena kuti mitundu ya zolipira yachepa, pomwe *lower costs* akunena kuti ndalama zotuluka zatsika, ndipo kawirikawiri abwana amafuna kumva yachiwiriyi. Mukhoza kusiya kulipira zinthu 3 zing'onozing'ono, lendi yokha n'kukwera kuposa zitatuzo pamodzi.

Tsopano nali khomo lomwe lamulo lija limatsegula lokha. Ndalama, nthawi, mtunda ndi kulemera zikabwera ndi nambala, zimatengedwa ngati mulu umodzi, choncho timalemba *less than K500,000*, *less than three weeks*, *less than 10 km*. Umboni wake uli pa mneni: Mngerezi amati *K500,000 is enough*, osati *are*, ngati kuti ndi chinthu 1.

Kodi *fewer* angalowe bwanji m'thumba la ndalama? Amalowa mukayamba kuwerenga mapepala ake enieniwo. K500,000 yomweyo ndi mapepala 250 a K2,000, koma mukaitenga m'mapepala a K5,000, aja anatuluka mu 2022, mwanyamula *fewer notes*, 100 okha.

Pa maperesenti yang'anani chomwe chikugawidwacho. Olemba osamala amati *less than 10% of the budget* koma *fewer than 10% of our employees*, chifukwa bajeti ndi mulu pomwe antchito ndi anthu. Pakasowa chinthu chimodzi chokha, khutu la eni chinenero limakonda *one less invoice* kuposa *one fewer invoice*.

*Amount* ndi *number* amatsata mzere womwewu. Timalemba *the amount of fuel* koma *the number of vehicles*, *a large amount of stock* koma *a large number of orders*. Mukadziwa mbali ya mawu amodzi, mwadziwiratu anzake onse: *number* amayenda ndi *many*, *few* ndi *fewer*, gulu la anayi.

Kodi mumadziwa kuti *much* ndi wamanyazi? Amamasuka m'funso ndi m'kukana, monga *How much fuel is left?* ndi *We don't have much fuel*, komanso pambuyo pa *too*, *so* ndi *as*. Koma m'chiganizo chovomera, *We have much fuel* amamveka wowuma ngati chikalata cha kukhoti.

Pamenepo mpulumutsi ndi *a lot of* kapena *plenty of*. Awiriwa sasankha mbali: *a lot of fuel*, *a lot of drivers*, *plenty of stock*, *plenty of bags*. Mu lipoti lapamwamba mukhoza kuwasintha ndi *a great deal of* pa zoyezedwa ndi *a large number of* pa zowerengeka, koma ine ndimakonda nambala yeniyeni, chifukwa *a lot* wa kalaliki akhoza kukhala malita 50 pomwe wa abwana ndi 500.

Kale *much* ankatanthauza chachikulu, ndipo tanthauzo limenelo linatsalira m'mayina a malo. Ku Shropshire kuli tauni yotchedwa Much Wenlock, kutanthauza Wenlock wamkulu, komwe dokotala William Penny Brookes anayambitsa masewera omwe anadzalimbikitsa ma Olimpiki a masiku ano. Anawayamba mu 1850, ndipo chidole china cha ma Olimpiki a ku London a mu 2012 anachitcha Wenlock.

Nanga imelo yomwe mukulembayo ili mbali iti? Kholo lake *mail* sawerengeka, n'chifukwa chake amati *less mail*, koma mwana wake anaphunzira kuwerengeka ndipo lero aliyense amalakalaka *fewer emails*. Ray Tomlinson anatumiza imelo yoyamba kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina mu 1971.

*Data* anayenda ulendo wobwerera. M'Chilatini ndi mawu ochulukitsa a *datum*, koma pa bajeti ya mafoni a ku ofesi aliyense amalemba *how much data* ndi *less data*. Mabandulo okha ndi omwe amawerengeka, ndipo *fewer bundles* sizitanthauza *less data*, chifukwa bandulo imodzi ya magigabaiti 10 imaposa mabandulo 5 a gigabaiti imodzi.

Ngakhale potseka imelo mbali ziwirizi zimakumana. *Thanks* ndi mawu ochulukitsa, choncho timalemba *Many thanks*, osati *Much thanks*, koma mu *Thank you very much* palibe chowerengedwa, *much* akungoyeza kukula kwa kuthokozako. Kodi mwa awiriwa, ndi uti amene ali pansi pa imelo yomwe mwatumiza m'mawa uno?